Batire, haidirojeni kapena zosakaniza: ndege ya mawa idzauluka ndi chani?

Anthu ambiri akaona galimoto ya magetsi ikudutsa mwakachetechete amangoti basi ndege nazonso zatsala pang'ono, kungochotsa injini kuikamo mota ndi batire nkhani yatha. Mota si vuto ayi, mota ya magetsi ndi yopepuka, ndi yamphamvu, ilibe tizitsulo tambirimbiri tofuna sevisi, ndipo pa magetsi amene waipatsa oposa 90 peresenti amasanduka mphamvu yozunguza pulopela. Injini yowotcha mafuta ya ndege zing'onozing'ono za pulopela imangogwiritsa mwina 25 kapena 30 peresenti, zotsalazo zimathawa ngati kutentha. Nde mota yawina kale. Pomwe pavuta ndi pa chosungira mphamvucho, ndipo njira zonse zimene makampani akuyesa panopa, batire lokha, batire ndi mafuta, haidirojeni wowotcha, haidirojeni wopangira magetsi, zonsezi zikulimbana ndi funso limodzi lomweli loti mphamvu yako ikulemera bwanji komanso ikudya malo ochuluka bwanji.

Kuti tisasokonezane ndi mayeso ndigwiritsa ntchito mayunitsi omwe timagula a magetsi aja, yuniti imodzi ndiye 1 kWh. Kilogalamu imodzi ya mafuta a ndege, omwe kwenikweni ndi palafini woyengedwa bwino, ili ndi mayunitsi pafupifupi 12. Kilogalamu imodzi ya batire la lifiyamu labwino, ukaphatikiza chikesi chake, mawaya, zoziziritsira ndi zotchinga moto, imasunga pafupifupi 0.2 ya yuniti. Timaselo ta mkati mwa batire tokhatokha timafika 0.25 mpaka 0.3 koma ndege siinyamula timaselo tamaliseche, imanyamula paketi yonse. 12 ndi 0.2, kusiyana kwake ndi ka 60. Chabwino mota imasamala mphamvu kuposa injini katatu kapena kuposerapo pang'ono, nde tichotsere, kusiyana kutsike kufika ka 15 mpaka 20. Komabe ndi phompho limenelo.

Batire lokha

Pali chinthu china chimene anthu amachidumpha. Kamba wa paulendo umadya ukuyenda, chikwama chimanka chipepuka. Mafuta ali choncho, ndege ikamauluka ikuwotcha katundu wake womwe, ikamafika imakhala yapepuka ndi matani angapo ndipo ikapepuka imafunanso mphamvu yochepa. Airbus A320 imaloledwa kunyamuka ndi matani pafupifupi 78 koma potera isapose cha m'ma 66, ndipo miyendo yake ndi mapiko anazipanga powerengera zimenezo. Batire ilo lodzadza ndi lakutha sikelo ndi imodzimodzi. Umanyamuka nalo, umayenda nalo, umatera nalo, ngati munthu wopita kuchitsime ndi mtsuko wachitsulo womwe ngakhale madzi atatha mutu ukupwetekabe. Nde miyendo ya ndegeyo iyenera kukhala yolimba kupirira kutera ndi kulemera konse, ndipo kulimbako ndi makilogalamu enanso.

Tiyeni tiwerengere ndege imodzi bwinobwino, chifukwa apa mpamene mutu umatseguka. Titenge ndege ya matani 4, saizi ya Cessna Caravan, zija zimanyamula alendo kupita kumalo osungira nyama. Tinene kuti thupi lake, mapiko, miyendo, mipando ndi mota zikulemera theka, makilogalamu 2,000. Tiikemo batire la makilogalamu 1,200, omwe ndi 30 peresenti ya kulemera konse. Atsala 800, anthu 8 aliyense 100 ndi chikwama chake chomwe, woyendetsa ali momwemo. Mtunda umene ndege ya batire ingauluke amawerengera motere:

```
R = E × η × (L/D) × (mb/m) / g
R = 720000 × 0.8 × 15 × 0.3 / 9.81 ≈ 264000 m
```

Musaope zilembozo. E ndi mphamvu ya mu kilogalamu imodzi ya batire, 0.2 ya yuniti ija koma yolembedwa mu majulo, 720,000. Kachilembo kachiwiriko ndi gawo la mphamvu lomwe likufikadi pokankha ndege ukachotsa zotayika mu mawaya, mota ndi pulopela, taika 0.8 ndipo apa ndakomera ndegeyo mtima. L/D ndi kusalala kwa ndege mumphepo, 15 akutanthauza kuti utathimitsa mota uli kilomita imodzi m'mwamba ungayandame makilomita 15 usanagunde pansi, Caravan yeniyeni siifikapo pamenepo koma ndege yatsopano yopangidwa mwaluso ikhoza. Kenako mb/m ndi gawo la batire pa kulemera konse, 0.3, ndipo g ndi mphamvu yokokera zinthu pansi ija tinaphunzira ku sekondale. Yankho likubwera makilomita 264.

Tayang'ananinso masamuwo muone chomwe mulibe. Mulibe kukula kwa ndege. Matani 4 aja sanalowemo paokha, chalowa ndi gawo la batire basi. Kutanthauza kuti ukapanga ndege yaikulu kawiri n'kuikamo batire lalikulu kawiri, mtunda ndi womwewo 264, chifukwa mphamvu yawonjezeka kawiri koma yonyamulidwanso yawonjezeka kawiri. Pa galimoto ukawonjezera batire msewu umakuthandiza kunyamula, pa ndege chilichonse chili pa mapiko ndipo kilogalamu iliyonse imalipiridwa ndi mphamvu sekondi iliyonse. Wina anena kuti nde tsitsani anthu muikemo mabatire ena. Chabwino, tatsitsa onse 8, woyendetsa yemwe, batire lafika theka la kulemera, mtunda wafika makilomita 440 ndipo ndege ikuuluka yopanda munthu kkkk. Ngakhale utalota ndege yopangidwa ndi batire lokhalokha, yopanda mapiko olemera yopanda chilichonse, masamuwa amaima pa 880. Denga lake ndi limenelo pa batire la lero.

Koma 264 ija si yoti ungagulitsire matikiti. Choyamba batire sumalikama mpaka 0, likatsika kwambiri mphamvu yake imafooka pomwe woyendetsa angafune mphamvu yonse mwadzidzidzi ngati walephera kutera n'kuyenera kukweranso. Komanso batire limakalamba, la foni yanu mukulidziwa mmene linalili lili latsopano ndi mmene lilili pano, nde kampani iyenera kuwerengera batire lokalamba osati la m'katoni. Tinene tingagwiritse 80 peresenti, tatsika pa 211. Chachiwiri ndi lamulo la mphamvu yapadera. Ndege siiloledwa kunyamuka ndi mafuta ongokwana kufika, masana kunja kuli bwino pamafunika zotsala za mphindi 30, ndipo ikamayenda modalira zipangizo, monga m'mitambo, ndi mphindi 45 kuphatikizapo zokafikira bwalo lina ngati loyambalo latsekeka. Mphindi 30 zokhazo, ngakhale ukuuluka pang'onopang'ono, ndi makilomita ngati 100. Zatsala 110 kapena kuchepera. Kuchoka pa bwalo la Kamuzu ku Lilongwe kukafika ku Chileka mumlengalenga ndi makilomita opitirira 200, nde ndege yathuyi, yomwe papepala inati 264, ulendo umenewu siingaloledwe.

Apa mpamene mungazindikirire kampani yomwe ikungokokomeza. Ikatchula mtunda funsani kuti zapadera zili momwemo kapena ayi, batire lake ndi latsopano kapena lotha, nambala ya batire ndi ya selo kapena ya paketi yonse, ndipo m'ndegemo muli anthu angati. Mafunso anayi amenewa amadula manambala ambiri pakati.

Zomwe zachitika kale zikugwirizana ndi masamuwa. Pipistrel Velis Electro ya ku Slovenia inakhala ndege yoyamba ya magetsi kulandira chilolezo chonse ku bungwe la ku Ulaya la EASA mu June 2020, ndi ya mipando iwiri, makilogalamu 600 ikadzadza, imauluka mphindi pafupifupi 50 n'kutsala ndi zapadera, ndipo ntchito yake ndi yophunzitsira, kunyamuka kuzungulira bwalo kutera. Pa ntchito imeneyo ndi yabwino zedi, phokoso lochepa, magetsi otchipa. Harbour Air ya ku Vancouver inaulutsa ndege yakale ya Beaver yotera pamadzi yoikidwa mota ya magniX mu December 2019, ndipo iwo nzomveka chifukwa maulendo awo ambiri ndi afupiafupi, kudumpha kuchoka pagombe kupita pachilumba. Eviation Alice, ya anthu 9, inauluka koyamba mu September 2022 ku Moses Lake ku America kwa mphindi 8, ndipo nthawi yomweyo mtunda womwe ankalonjeza unatsitsidwa kuchoka pa makilomita pafupifupi 800 kufika cha m'ma 460. NASA nayo inatseka pulojekiti ya X-57 Maxwell mu 2023 ndegeyo isanaulukeko n'komwe.

Nanga zazikulu? A320 ikadzadza imanyamula mafuta malita pafupifupi 24,000, matani ngati 19. Kuti upeze mphamvu yokankha yofanana kuchokera ku batire la lero, utachotsera kale kusamala kwa mota, ukufunika matani mazana angapo, ndege yomwe yonse ndi 78. Palibenso zokambirana pamenepo.

Chondilimbitsa mtima ine ndi chimodzi, masamu omwewa amakomanso batire likakwera. Paketi itafika 0.4 ya yuniti pa kilogalamu, 264 ija ikhala 528, tikachotsa 20 peresenti 422, tikachotsa zapadera zomwe sizinasinthe 100 zija tatsala ndi 320. Batire lakwera kawiri koma mtunda wogulitsa wakwera pafupifupi katatu. Vuto ndi loti mabatire sakwera ngati makompyuta, amakwera pang'onopang'ono chaka ndi chaka, ndipo la ndege liyenera kuchita zinthu zingapo nthawi imodzi, kusunga zambiri, kutulutsa mphamvu yoopsa ponyamuka, kutchajidwa mwachangu kangapo patsiku, osayaka. Za kuyakazi si nthabwala, mu January 2013 ndege zonse za Boeing 787 zinaimitsidwa kwa miyezi pafupifupi itatu chifukwa cha mabatire a lifiyamu omwe anatentha, ndipo amenewo anali ang'onoang'ono othandizira chabe osati oyendetsa ndege. Selo imodzi ikatentha imayatsa inzake, inzakeyo inzake, nde pamafunika zotchinga pakati ndi potulutsira utsi kunja, zonsezo n'zimene zimatsitsa 0.3 ya selo kufika 0.2 ya paketi. Pansi napo pali nkhani, batire lathu la 1,200 lija ndi mayunitsi 240, kulidzadza mu theka la ola pakufunika pafupifupi makilowati 500, kandege kamodzi kokha ka anthu 8.

Zosakaniza, batire ndi mafuta

Iyi ndi njira yosasangalatsa kuimva koma ndi yanzeru. Taona kuti chomwe chapha ndege yathu ndi zapadera zija, mphamvu yomwe umanyamula tsiku lililonse koma mwina pachaka uigwiritsa kamodzi kapena osaigwiritsa n'komwe. Kunyamula zimenezo mu batire ndi kuwononga pafupifupi theka la batire logwira ntchito. Kuzinyamula mu mafuta ndi makilogalamu makumi angapo kuphatikiza kajenereta. Nde ndege imauluka ndi batire ulendo wake wa masiku onse, jenereta ili duu, ikafunika kuzungulira kudikira mvula ithe kapena kupita bwalo lina ndiye amailiza.

Heart Aerospace, yomwe inayambira ku Sweden, inadutsa njira imeneyi poyera. Poyamba ankafuna ES-19, ya anthu 19 ya batire lokha, mu 2022 anasintha n'kulengeza ES-30 ya anthu 30 yokhala ndi mainjini a mafuta othandizira, n'kunena kuti makilomita 200 pa batire lokha, 400 akaphatikiza mafuta, ndi 800 akachepetsa anthu kufika 25. Kusintha kokhako kukukuuzani zomwe anapeza atakhala pansi ndi kakyuleta.

Kuipa kwake ukunyamula zinthu ziwiri, mota ndi batire uku, injini ndi thanki uku, zonse zofuna sevisi ndi chilolezo, ndipo ulendo ukatalika batire limangosanduka katundu wokwera ulele pomwe mafuta akugwira ntchito yonse. Pa ndege zazikulu phindu limachepa kwambiri, Airbus ndi Rolls-Royce anasiya pulojekiti yawo ya E-Fan X mu 2020 isanauluke.

Haidirojeni, wopepuka koma wodya malo

Haidirojeni ndiye mutu pansi miyendo m'mwamba poyerekeza ndi batire. Kilogalamu imodzi ili ndi mayunitsi pafupifupi 33, kuposa palafini pafupifupi katatu. Pa sikelo palibe womuposa. Koma ndi mpweya wopepukitsitsa pa yonse, kuti kilogalamu imodzi ikwane pafunika malo ngati kachipinda. Pali njira ziwiri zomupanikizira. Yoyamba kumupopera mu silinda mwamphamvu, mabaa 350 kapena 700, pomwe tayala la galimoto limakhala ndi 2 ndi kakuti. Silinda yopirira zimenezo ndi yokhuthala moti pa makilogalamu 100 a thanki yodzadza, haidirojeni amangokhala 5 kapena 6, ena onse ndi chigoba. Nde 33 ija yatsika kufika pafupifupi 2 pa kilogalamu, ukachotsanso zotayika posandutsa magetsi watsala ndi cha pa 1. Kuposabe batire kangapo, koma si zodabwitsa zija.

Yachiwiri ndi kumuziziritsa mpaka asanduke madzi, pa madigiri 253 kunsi kwa 0. Apo thanki siifuna kulimba kwambiri, imafuna kukhala ngati fulasiki ya tiyi, makoma awiri pakati popanda mpweya, kuti kutentha kwa kunja kusalowe. Ngakhale wamadziyo ndi wopepuka modabwitsa, lita imodzi ndi magalamu 71 pomwe ya palafini ndi pafupifupi 800. Tibwerere ku A320 ija, matani 19 a palafini angalowedwe m'malo ndi matani osakwana 7 a haidirojeni, zabwino, koma malita 24,000 aja asanduka pafupifupi 96,000. Kanayi. Ndipo palafini amakhala m'mapiko, malo opyapyala omwe palibe munthu angakhalemo, pomwe thanki ya haidirojeni iyenera kukhala yobulungira ngati mgolo kapena mpira kuti khungu lake lichepe poyerekeza ndi zamkati, apo ayi kutentha kulowa n'kumuwiritsa. Mgolo m'phiko sulowa. Nde ukulowa m'thupi la ndege, kumbuyo kwa anthu, kudya mizere ya mipando, kapena thupilo litalikitsidwe kapena linenepe zomwe zikuwonjezera kukokana ndi mphepo. Palinso kakuti thanki ikakhala kumchira, haidirojeni akamatha mchira ukupepuka, ndege ikusintha mmene yakhalira pa sikelo ili m'mwamba, opanga ayenera kuziwerengera.

Komanso fulasiki iliyonse imalowetsabe kutentha pang'ono, haidirojeni amawira pang'onopang'ono, mpweya ukuchulukana mu thanki, nde ndege yodzadza siingangosiyidwa pabwalo masiku ngati ya palafini, uyenera kumutulutsa kapena kumubweza.

Tsono ukakhala naye haidirojeniyo ungamuwotche kapena kumupangitsa magetsi. Kuwotcha si kwatsopano. Mu 1957 a ku America anaulutsa ndege ya B-57 injini imodzi ikuyendera haidirojeni kwa kanthawi, ndipo mu April 1988 a Soviet Union anaulutsa Tupolev Tu-155, yomwe imodzi mwa mainjini ake atatu inkawotcha haidirojeni wamadzi ndipo thanki inadya chigawo cha kumbuyo kwa chipinda cha anthu, ndendende vuto tanena lija. Ubwino wowotcha ndi woti injini ya jeti ndi yopepuka poyerekeza ndi mphamvu yomwe imatulutsa, ingakankhe ndege yaikulu pa liwiro la masiku onse. Mpweya wa kaboni palibe, koma moto wotentha umaphatikizabe naitirojeni ndi okosijeni wa mumpweya kupanga utsi wina woipa, ndipo nthunzi ya madzi imatuluka yoposa ya palafini kawiri ndi theka, yomwe kumwamba kozizira ingapange mizere yoyera ija timaiona kumbuyo kwa ndege, nayo imasunga kutentha.

Njira inayo ndi ya fyuwelo selo, kabokosi komwe haidirojeni amakumana ndi okosijeni popanda moto, kutuluka magetsi, madzi ndi kutentha, magetsiwo n'kuyendetsa mota yomwe ija. Kwenikweni ndi ndege ya magetsi yomwe batire lake lalowedwa m'malo ndi thanki ndi kabokosi. Pafupifupi theka la mphamvu limasanduka magetsi, theka linalo ndi kutentha, ndipo vuto lenileni lili pamenepa ngakhale silitchulidwa kawirikawiri. Injini ya jeti imalavula kutentha kwake ndi utsi kumbuyo, zatha. Fyuwelo selo imagwira ntchito pa madigiri ngati 80 okha, nde kutentha konseko kuyenera kuchotsedwa ndi rediyeta, ndipo madzi a madigiri 80 kuwaziziritsa ndi mphepo ya madigiri 35 ya mu October ndege ili pansi ikufuna mphamvu yonse kuti inyamuke, rediyeta yake ikhala chimphona, yolemera, yokokana ndi mphepo. Kumwamba nako mpweya ndi wochepa, pafunika kompuresa youpopera mu kabokosi, nayo ikudya magetsi omwewo. Ndi chifukwa chake njirayi yayambira pa ndege za pulopela.

Chaka cha 2023 chinali chotanganidwa pa izi. Mu January ZeroAvia inaulutsa Dornier 228 ya mipando 19 ku Cotswold ku England kwa mphindi 10, mbali imodzi mota ya fyuwelo selo mothandizidwa ndi mabatire, mbali inayo injini ya masiku onse. Mu March Universal Hydrogen inaulutsa Dash 8, mtundu womwewo wa ndege za pulopela zimene timaziona ku Chileka ngakhale iyi inali yocheperako, nayonso mbali imodzi yokha, kwa mphindi 15, koma kampaniyo inatsekedwa mu 2024 ndalama zitatha. Mu September H2FLY ya ku Germany inaulutsa kandege kake HY4 ku Maribor ku Slovenia ndi haidirojeni wamadzi, n'kunena kuti kusintha kuchoka pa wa silinda kupita pa wamadzi kwakweza mtunda kuchoka pa makilomita 750 kufika 1,500. Nambala imeneyo ine imandiuza zambiri kuposa zina zonse, ndege yomweyo, mota yomweyo, kungosintha thanki. Airbus yomwe mu 2020 inalonjeza ndege ya haidirojeni ya ZEROe pofika 2035, kumayambiriro kwa 2025 inavomera kuti chakacho sichitheka, ndipo pa zifukwa zake panali kuchedwa kwa zinthu za pansi, osati za m'mwamba zokha.

Za pansizo n'zimene zimandikayikitsa. Haidirojeni wambiri wa lero amapangidwa kuchokera ku gasi ndi malasha, kutanthauza kuti utsi wangosamuka kuchoka ku ndege kupita ku fakitale. Woyera amapangidwa pong'amba madzi ndi magetsi, kilogalamu imodzi imadya mayunitsi 50 kapena 55, kumuziziritsa kufika pa madzi enanso 10 ndi kuposa. Walowetsa 65, m'thanki muli 33, fyuwelo selo yabweza 16 kapena 17. Pa mayunitsi anayi alionse omwe wagula, imodzi yokha ndi yomwe yafika ku mota. Batire pa anayiwo limabweza oposa atatu. Nde paliponse pomwe batire lingafike, haidirojeni sangapikisane nalo pa mtengo wa magetsi, malo ake amayambira pomwe batire lathera. A320 ija kuidzadza kamodzi, matani 7, ndi mayunitsi oposa 400,000, ndipo bwalo lonyamukira ndi lofikira onse ayenera kukhala ndi mathanki ozizira, mapaipi ake ndi anthu odziwa kugwira chinthu chomwe chimatuluka pa kampata kakang'onong'ono ndipo lawi lake masana silioneka bwino.

Ndiye iti pati

Ine ndimazigawa ndi mtunda wogulitsa, osati wa papepala. Kuphunzitsa oyendetsa, kudumpha nyanja kupita pachilumba, chilichonse chosapitirira makilomita 100 mpaka 150 ndi anthu ochepa, batire lokha, ndipo timadironi tonyamula magazi ndi mankhwala ngati ta Zipline ku Rwanda kuyambira 2016 tinalowa kale ntchito chifukwa katundu wake ndi kilogalamu imodzi kapena ziwiri ndipo mulibe munthu woti lamulo limutetezere ndi mphindi 45. Makilomita 200 mpaka 400, ngati Lilongwe Blantyre, ndikanabetcha pa zosakaniza, chifukwa zimangofuna tchaja yamphamvu ndi palafini yemwe alipo kale. Kuyambira 500 mpaka 1,500 ndi pulopela, apo ndi malo a fyuwelo selo ndi haidirojeni wamadzi ngati rediyeta ndi thanki zitapepuka komanso ngati mabwalo a ndege atalolera kuwononga ndalamazo. Kuwotcha haidirojeni mu jeti kukhoza kufika patali kuposa apo koma ndege yake iyenera kujambulidwa mwatsopano mozungulira thanki, ndipo kujambula ndege yatsopano mpaka ilandire chilolezo ndi zaka pafupifupi 10.

Maulendo aatali aja, Addis Ababa London, Johannesburg Dubai, omwe ndi amene amawotcha gawo lalikulu la mafuta a ndege, atsala pa mafuta amadzi kwa nthawi yaitali. Chomwe chingasinthe ndi kochokera mafutawo, opangidwa kuchokera ku mafuta ophikira otha ntchito, zinyalala za mbewu, kapena haidirojeni wophatikizidwa ndi kaboni kuti akhale palafini. Panopa amaloledwa kusakaniza mpaka theka ndi palafini wamba, ndipo mu November 2023 Virgin Atlantic inaulutsa Boeing 787 kuchoka ku London kupita ku New York ndi mafuta oterewa okhaokha, pa chilolezo chapadera. Amalowa m'phiko lomwelo, injini yomweyo, paipi yomweyo ya pabwalo, kungoti ndi odula kawiri kapena kuposa ndipo omwe akupangidwa pachaka sanafike ndi pa 1 peresenti ya mafuta onse omwe ndege zimamwa.